Kuwerenga buku la PDF pa foni popanda kupweteka maso: lisandutseni EPUB

Pepala la A4, lomwe mabuku ambiri a PDF amakonzedwera, m'lifupi mwake ndi mamilimita 210. Sikirini ya foni ya mainchesi 6.5, ngati ma itel ndi ma Tecno omwe adzaza m'mashopu a pa Kamuzu Road, m'lifupi mwake ndi mamilimita pafupifupi 68 basi. Kuti tsamba lonse likwane pamenepo, foni imalichepetsa katatu, ndipo zilembo zomwe papepala zinali za saizi 12 zimatsika kufika pa 4. Ndiye mumakulitsa ndi zala ziwiri, mzere n'kutulukira kunja kwa sikirini, n'kumangokankhira tsamba uku ndi uku pa mzere uliwonse. Masamba asanu asanakwane maso ayamba kale kuwawa.

PDF anaipanga dala kuti izitero. Kampani ya Adobe itaitulutsa mu 1993, inkafuna kuti tsamba lizioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse komanso likasindikizidwa. M'kati mwa PDF zambiri mulibe chomwe chimanena kuti apa ndime yayamba, apa yatha. Muli malangizo oti chilembo ichi chikhale apa, icho chikhale apo, basi. EPUB, yomwe inabwera mu 2007, imasunga mawu m'ndime ndi m'mitu, n'kusiyira pulogalamu yowerengera kuti iyale mizere molingana ndi sikirini yomwe ilipo. PDF ndi suti yosokedwa kale pa muyezo wa munthu mmodzi, pomwe EPUB ndi chitenje. Mukakulitsa zilembo mu EPUB, mizere imadziyala yokha ndipo palibe chotulukira kunja.

Izi muzikumbukire pa ntchito yonseyi, chifukwa zikutanthauza kuti pulogalamu yosandutsa PDF kukhala EPUB imachita kuganizira pomwe ndime yathera. Nthawi zina imalasa, nthawi zina imaphonya. Kudina batani losandutsa n'kwa mphindi imodzi. Ntchito yeniyeni ili pa kuyeza bukulo musanayambe ndi kufufuza zomwe zatuluka.

Yambani mwayeza PDF yanuyo

Tsekulani bukulo pa foni, pitani cha pakati, sindikizani chala pa liwu limodzi kwa kanthawi. Ngati liwulo ladetsedwa ndipo pabwera `Copy`, m'bukumo muli mawu enieni. Ngati sipakuchitika kanthu, kapena tsamba lonse likusankhidwa ngati chinthu chimodzi, bukulo ndi zithunzi za masamba. Wina anaika buku pa makina a sikani kapena analijambula ndi foni. Lotereli mukalisandutsa mwachindunji mupeza EPUB yodzaza zithunzi zomwezo, zilembo zili zazing'ono ngati kale.

Mawu akasankhika musafulumire kusangalala. Koperani ndime yathunthu, muiike mu uthenga wa WhatsApp womwe simutumiza, muwerenge. Ikatuluka yomveka, zili bwino. Ikatuluka ndi timabokosi kapena zilembo zosokonekera, ndiye kuti zilembo za m'bukumo zinasungidwa mwa njira yomwe mapulogalamu ena sangaimasulire, ndipo bukulo mulitenge ngati la sikani.

Kenako yang'anani maonekedwe a masamba. Buku lomwe mawu ake amangoyenda m'danga limodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, monga la nthano, la mbiri, la maulaliki kapena manotsi a sukulu, limasanduka bwino. La madanga awiri ngati nyuzipepala limavuta, chifukwa pulogalamu ikhoza kutenga mzere wa kumanzere n'kuulumikiza ndi mnzake wa kumanja. La masamu, la kemisitiri, kapena la matebulo okhaokha, ine ndingati musadzivute nalo n'komwe. Mafomula amaphwasuka, ndipo tebulo limasanduka mndandanda wa manambala opanda mwini. Mabuku oterewa ali ndi njira yawo yomwe ili kumapetoku.

Zofunika kukhala nazo

Pulogalamu yomwe ndimadalira ndi calibre. Ndi yaulere, anaiyamba a Kovid Goyal mu 2006, ndipo imayenda pa Windows, macOS ndi Linux. Ya pa foni kulibe, choncho mufunika kompyuta, ngakhale ya ola limodzi. Itengeni pa tsamba lake lenileni, `calibre-ebook.com`, osati pa masamba ena omwe amaika mabatani abodza a `Download`. Fayilo yake ndi yoposa mamegabayiti 100, ndiye ndi bwino kuidawuniloda ndi bandulo ya usiku kapena pamalo pomwe pali intaneti ya ofesi. Mukaiika, sifunanso intaneti kuti igwire ntchito.

Ngati laputopu mulibe, pa tsamba lomwelo pali `calibre Portable`, ya Windows, yomwe imakhala pa fulashi. Mumapita nayo kwa anyamata otayipa ndi kusindikiza makalata pa boma, kulipira nthawi ya kompyuta, kutsekula calibre kuchokera pa fulashipo, osaika chilichonse pa makina a eni ake. Mabuku anu amatsala pa fulashi pomwepo.

Buku limodzi, kuyambira poyamba

Alamu anga ndi alangizi a zaumoyo cha ku Khombedza ndipo akuchita maphunziro ophunzira uli kunyumba. Anawatumizira buku la phunziro limodzi pa gulu la WhatsApp: masamba 214 a A4, m'Chingerezi, danga limodzi, zithunzi zochepa ndi matebulo angapo. Pamwamba pa tsamba lililonse panalembedwa `Module 3: Child Nutrition`, pansi pake `Page 47 of 214`, nambala yoyambayo ikusintha tsamba ndi tsamba. Amawerenga pa Tecno madzulo akaweruka. «Alamu, bukuli nditha nalo maso mayeso asanafike,» anatero. Mawu ake ankasankhika ndipo ndime yomwe tinakopera inatuluka yomveka, choncho linali loyenera kusandutsa.

Mu calibre dinani `Add books`, musankhe PDF ija. Ikaoneka pa mndandanda, isankheni n'kudina `Convert books`. Pa zenera lomwe litseguke, kumtunda kumanzere pali `Input format`, pakhale PDF. Kumtunda kumanja pali `Output format`, sankhani EPUB. Gawo loyamba ndi `Metadata`. Lembani dzina lenileni la buku ndi mlembi wake, chifukwa PDF zambiri zimabwera ndi mayina ngati `final_final2`, ndipo dzina limeneli ndi lomwe muzidzaliona pa foni.

Tsopano kumanzere dinani `Heuristic processing` n'kuchonga `Enable heuristic processing`. Apa ndi pomwe calibre imaloledwa kulumikiza mizere yoduka, kuzindikira mitu, ndi kuchotsa timizere todula mawu kumapeto kwa mzere. Pa timizereti imachita mwanzeru. Ikapeza liwu lodulidwa pakati, imafufuza ngati liwu lomwelo likupezeka lathunthu pena m'buku lomwelo, ndipo ikalipeza imalilumikiza. Bukulo limakhala dikishonale yakeyake, n'chifukwa chake njirayi imagwiranso pa mabuku a Chichewa.

Ulendo woyamba musasinthe china chilichonse. Dinani `OK`. Pansi kumanja pali `Jobs`, pomwe pamaoneka kuti ntchito ili m'kati. Nambala yake ikabwerera pa 0, EPUB yapsa. Kumanja, pomwe palembedwa `Formats`, dinani EPUB kuti muione. Zenera lowerengeralo lichepetseni lifanane ndi foni, laling'ono m'lifupi, lalitali m'mwamba. Zolakwika zambiri zimabisala pa zenera lotambalala.

Musangoona tsamba loyamba. Dumphirani pakati, dumphiraninso chakumapeto, ndipo paliponse muwerenge ndime ziwiri kapena zitatu motsatana. M'buku la alamu tinapeza mavuto atatu, omwenso ndi omwe amabwera kawirikawiri.

Mawu a pamwamba ndi pansi pa tsamba akalowerera m'nkhani

Chiganizo chimayenda bwinobwino, mwadzidzidzi pakati pake pakubwera `Page 47 of 214`, kenako `Module 3: Child Nutrition`, chiganizo n'kupitirira. Papepala mawu amenewa amakhala m'mphepete ndipo diso limawadumpha. Mu EPUB mulibe mphepete zoterozo, ndiye amagwera paliponse pomwe tsamba lakale linathera. Ma calibre atsopano amayesa kuwachotsa okha, koma sikuti nthawi zonse amatha.

Dinaninso `Convert books`, onetsetsani kuti pa `Input format` pakadali PDF, ndipo kumanzere sankhani `Search & replace`. M'bokosi la `Search regular expression` lembani izi:

```
Page \d+ of \d+
```

`\d+` akutanthauza nambala ina iliyonse, kaya ya chilembo chimodzi kaya zitatu, choncho mzere umodziwu ukugwira masamba onse. Bokosi la `Replacement text` lisiyeni lopanda kanthu, popeza mukufuna mawuwo achoke osabwera ena. Musanapitirire, dinani kabatani kokhala ndi ndodo ya matsenga kumapeto kwa bokosilo, kenako `Test`. calibre ikuonetsani malo onse omwe yapeza ndi chiwerengero chake. M'buku la masamba 214 chiwerengerocho chiyandikire 214. Chikakhala 0, pali china chobisika pakati pa mawuwo, ndiye pezani mzerewo m'zenera lomwelo, muukopere momwe ukuonekera, n'kungosintha manambala kukhala `\d+`. Chikakhala masauzande, imani kaye, mwagwira zambiri kuposa zomwe mumafuna.

Apa ndi pomwe anthu amaonongera buku. Wina amaona manambala a masamba ali okhaokha, 47, 48, 49, n'kulemba `\d+` yekha kuti achoke. Amachokadi, pamodzi ndi nambala ina iliyonse m'bukumo: zaka, miyezo, mavesi, milingo ya mankhwala. EPUB imatuluka yooneka bwino koma yabodza. Nambala ya tsamba ikakhala yokha popanda liwu loiperekeza, kuli bwino kuipirira kusiyana ndi kuichotsa mwa njira imeneyi.

Zikakhala bwino dinani `Add`. Mukaiwala `Add`, zomwe mwalembazo sizigwira ntchito. Bwerezani chimodzimodzi ndi `Module 3: Child Nutrition`, kudinanso `Add`. Ngati mawu a pamwambawo amasintha mutu ndi mutu, uliwonse ufunika mzere wake.

Ndime zoduka ndi ndime zomatana

Ili ndi vuto lomwe limatopetsa kwambiri powerenga. Mzere umodzi wadzaza, wotsatira uli ndi mawu awiri okha, wina wadzaza, winanso mawu atatu, nkhani yonse ikuoneka ngati ndakatulo. Chachitika n'chakuti mzere uliwonse wa papepala wasanduka ndime payokha.

calibre imaganiza motere: mzere wautali womwe sunathere pa mpumiro uyenera kuti ukupitirira pa mzere wotsatira, pomwe waufupi uyenera kuti ndi mathero a ndime. Funso ndi lakuti kutalika kumayambira pati. Muyezo wake uli m'gawo la `PDF input`, pa `Line un-wrapping factor`, ndipo umabwera uli pa 0.45. Mukautsitsa, mizere yambiri imalumikizidwa. Mukaukweza, yochepa ndiyo imalumikizidwa. M'gawo la `Heuristic processing` mulinso muyezo wofanana nawo, `Line un-wrap factor`, womwe umagwira mwanjira yomweyo.

Buku la alamu linali ndi mindandanda yambiri ndi mawu oikidwa m'timabokosi, ndipo mizere yambiri inatsala yoduka. Titatsitsa kufika pa 0.30 ndime zinagwirana. Tsitsani pang'onopang'ono, musandutsenso, muone. Mudziwa kuti mwapyola mukaona mutu wa nkhani wamatana ndi chiganizo choyamba, kapena mawu a anthu awiri okambirana alowa m'ndime imodzi. Pamenepo bwererani m'mwamba pang'ono. Buku la ndakatulo kapena la nyimbo za m'tchalitchi ndi losiyana. Mizere yake ndi yaifupi mwadala, ndiye chotsani chongi pa `Unwrap lines` ndipo muyezo wa mu `PDF input` muukweze, apo ayi ndakatulo zonse zisanduka nkhani wamba.

Kwa omwe amakonda kulemba malamulo m'malo modina, calibre imabwera ndi lamulo lomwe limachita zomwezi:

```
ebook-convert buku.pdf buku.epub --enable-heuristics --unwrap-factor 0.30
```

Mndandanda wa mitu

Mu PDF mumakumbukira kuti mutu wachisanu uli pa tsamba 96. Mu EPUB nambala imeneyo ilibenso ntchito, chifukwa masamba amachuluka kapena kuchepa mukasintha kukula kwa zilembo. Buku la masamba 214 likhoza kukhala la masikirini 700 kapena kuposa. Popanda mndandanda wa mitu woti mungodina, kupeza malo ndi chintchito.

calibre imafufuza yokha mitu yokhala ndi mawu a Chingerezi monga `Chapter`, `Part` ndi `Section`. Buku la alamu linkagwiritsa ntchito `Unit`, ndipo la Chichewa lingakhale ndi «Mutu 1» kapena «Gawo Loyamba», zomwe ikhoza kuzidutsa osaziona. Njira yosavuta ndi kupita m'gawo la `Table of Contents` n'kuchonga `Manually fine-tune the ToC after conversion is completed`. Kusandutsa kukatha patseguka zenera lokonzera mndandandawo. Yesani kaye `Generate ToC from major headings`. Zikakanika, pangani ndi manja: dinani batani lopangira mutu watsopano, pezani pomwe mutuwo wayambira m'bukumo, dinani pamenepo, lembani dzina lake. Mitu khumi ndi iwiri sikutengerani nthawi yaitali. Ntchito imeneyi muichite pomaliza penipeni, zina zonse zitakhala bwino, chifukwa mukasandutsanso bukulo EPUB yakale imafufutidwa pamodzi ndi mndandanda womwe munavutikira.

Musanatseke, fufuzani zinthu ziwiri zazing'ono. M'buku la Chingerezi sakani liwu ngati `office` kapena `define`. Osindikiza ena amamata zilembo `fi`, `ff` ndi `fl` kukhala chilembo chimodzi, ndipo posandutsa chikhoza kusowa, n'kutsala `ofce` ndi `dene`. M'buku la Chichewa sakani ŵ, monga mu dzina la Malaŵi, muone ngati sanasanduke kabokosi kapena kusiya kachipewa kake kali pakokha. Vuto likakhala lofanana paliponse, `Search & replace` yomwe ija ilikonza. Likakhala la zilembo zosoweratu, yesani njira yotsatirayi.

calibre ikalephera, dzerani ku Word

Kuyambira Word 2013, pulogalamuyi imatha kutsekula PDF n'kuisandutsa chikalata chotheka kusintha. Dinani `File`, `Open`, sankhani PDF, vomerani uthenga womwe ubwere, dikirani. Pa kompyuta yakale buku lalikulu limatenga nthawi, choncho musayambe batire ya laputopu ili pafupi kutha magetsi kulibe. Word imachita bwino kuposa calibre pa madanga awiri ndi pa matebulo osavuta, ndipo nthawi zambiri imazindikira mawu a pamwamba ndi pansi pa tsamba n'kuwaika pamalo pawo.

Ikatseguka, dutsani m'bukumo, mutu uliwonse muupatse `Heading 1`, konzani zomwe zaonongeka, sungani ngati `.docx`. Fayilo imeneyi ndi yomwe muike mu calibre n'kuisandutsa EPUB. Mndandanda wa mitu upangika wokha kuchokera pa ma `Heading 1` aja. Njirayi ndi yaitali, koma pa buku lomwe mukhale nalo chaka chonse ndi yomwe imapereka zotsatira zabwino koposa. Ndipo ngati amene analemba manotsiwo mumawadziwa, aphunzitsi kapena abusa, apempheni fayilo ya Word yomwe anapangira PDF ija. Mavuto onse omwe ndafotokozawa simukumana nawo.

Buku la sikani

Zithunzi za masamba zimafunika kaye kuwerengedwa ndi makina kuti zisanduke mawu. Njira yaulere yomwe ambiri angaifikire ndi Google Drive. Kwezani PDF ija pa Drive, dinani kumanja pa dzina lake, sankhani `Open with`, kenako `Google Docs`. Mawu akatuluka, pitani pa `File`, `Download`, `EPUB Publication (.epub)`. Eni ake amalangiza kuti fayilo isapitirire mamegabayiti 2, pomwe buku la sikani limalemera kuposa pamenepo kutalitali, ndiye lidulenidulani. Tsekulani PDF mu Chrome, dinani `Print`, sankhani `Save as PDF`, lembani masamba omwe mukufuna, mwachitsanzo `1-15`, n'kumatero mutu ndi mutu.

Makinawa amalakwitsa, ndipo zolakwa zake zimadziwika. `rn` amamuwerenga ngati `m`, `l` ngati `1`, `O` ngati `0`. M'Chichewa timikwingwirima ta m'mawu ngati «m'nyumba» ndi «n'kupita» timasowa kapena kusanduka zina. Ngati bukulo ndi fotokope ya fotokope inzake, masamba opendekeka, pakati pakuda, wina atadula mizere ndi bolopeni, zotuluka zake zimafuna kukonza chiganizo ndi chiganizo. Mutu umodzi wofunika pa mayeso mukhoza kuuvutikira. Masamba 300, ayi ndithu.

Ngati kompyuta palibiretu

Pali masamba a pa intaneti, monga CloudConvert ndi Convertio, omwe mumakwezapo PDF kuchokera pa foni, kusankha EPUB, n'kudawuniloda. Pa buku la nthano la danga limodzi amathandiza. Koma mulibe mpata wokwanira wokonza mawu a pamwamba pa tsamba kapena ndime zoduka, bandulo imadyedwa kawiri, pokweza ndi potsitsa, komanso fayilo yanu imakafika pa makina a anthu ena. Malipoti a kuntchito, mayina a odwala kapena zikalata za gulu lanu la banki m'khonde musazikweze kumeneko. PDF yotsekedwa ndi pasiwedi imafuna pasiwediyo kaye, kulikonse komwe mungaisandutsire. Komanso kusandutsa buku kuti muwerenge nokha ndi nkhani ina, kulimwaza m'magulu ndi nkhani inanso. Lamulo la umwini wa zolemba la 2016 limateteza mabuku a pa foni monga momwe limatetezera a papepala.

Kulifikitsa pa foni ndi kukonza powerengera

Mu calibre dinani kamuvi ka pambali pa `Save to disk` n'kusankha kusunga EPUB yokha. Lumikizani foni ndi chingwe, pa foni sankhani `File transfer`, koperani fayiloyo mu `Download` kapena mu memori khadi. Bulutufu nayo imatha, popeza EPUB ya mawu okhaokha kawirikawiri sifika n'komwe megabayiti imodzi. Pa WhatsApp itumizeni ngati `Document`.

Mufunika pulogalamu yowerengera EPUB. ReadEra ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, imafufuza yokha mabuku onse omwe ali m'foni, ndipo imakumbukira pomwe munalekezera. Librera ndi Moon+ Reader nazonso zimagwira ntchito. Mukatsekula buku, gwirani pakati pa sikirini kuti zosintha zioneke.

Kukula kwa zilembo kuyezeni foni ili pomwe mumaigwirira masiku onse, osati pafupi ndi mphuno. Mzere ukhale ndi mawu asanu kapena asanu ndi limodzi a Chichewa, a Chingerezi akhoza kufika asanu ndi atatu. Mphepete zichepetseni, sikirini ndi yaing'ono kale. Chomwe ambiri sachidziwa ndi cha kayalidwe ka mizere. Mapulogalamu ambiri amatambasula mzere uliwonse kuti ufike mbali zonse ziwiri. Pa Chingerezi sizioneka kwambiri, koma mawu athu ndi aatali. Liwu ngati «sindinakakuuzeni» likalephera kukwana limatsikira pansi, atatu otsalawo n'kutayana, pakati pawo pali mipata yoti n'kudutsa njinga. Sankhani kuti mizere iziyambira kumanzere n'kuthera pomwe yathera. Kudula mawu ndi kamzere nakonso kuzimitseni pa buku la Chichewa, chifukwa malamulo omwe pulogalamu imatsatira podula si a chilankhulo chathu, ndipo imadula posayenera.

Masana pa khonde, dzuwa la kuno kunyanja likuwala, zilembo zakuda pa tsamba loyera ndi zomwe zimaoneka. Usiku sankhani tsamba lofiirira kapena lakuda, n'kutsitsa kuwala. Pa mafoni otsika mtengo ambiri, tsamba lakuda silipulumutsa batire, chifukwa nyale ya kuseri kwa sikirini imayakabe. Chomwe chimapulumutsa ndi kutsitsa kuwalako ndi kuzimitsa deta. M'mapulogalamu ambiri mukhozanso kusankha kuti mabatani a voliyumu azitembenuza masamba, zomwe zimathandiza mukakhala mwapanikizika m'minibasi ya ku Lilongwe, dzanja lina litagwira chikwama.

PDF ija musaifufute

M'buku la alamu munali tebulo la msinkhu wa ana ndi kulemera kwawo. Mu EPUB mitu ya madanga inabwera yonse pamwamba motsatana, manambala n'kutsatira pansi mumzere umodzi wautali, osadziwika kuti iyi ndi ya mwana wa miyezi ingati. Choopsa chake n'chakuti manambalawo onse analipo ndipo amaoneka ngati olondola. Tebulo lililonse lomwe mudzagwiritse ntchito pa munthu, pa ndalama kapena pa mayeso, muziliona mu PDF. Alamu anajambula matebulo awo pa sikirini kuchokera mu PDF n'kuwasunga m'foda yawoyawo ya zithunzi. Nambala ya tsamba yolemba mu asayimenti nayonso imachokera mu PDF: sakani chiganizocho mmenemo, muone tsamba lake.

Mabuku aja ndinati musawasandutse, a masamu, a matebulo ndi a sikani yoipa, awerengeni ali PDF momwemo koma foni mutaigoneka cham'mbali. Sikirini ya mainchesi 6.5 ija m'litali mwake ndi mamilimita pafupifupi 150. Tsamba la A4 mukalichotsera mphepete zoyera, mawu ake amatenga mamilimita pafupifupi 160. ReadEra ndi Librera zili ndi chosankha chodula mphepetezo, ndipo mukachiyatsa zilembo zimafika pafupi ndi kukula kwake kwa papepala, inu n'kumangokankhira m'mwamba basi. Pa buku la sikani la nkhani wamba palinso KOReader, yomwe imapezeka pa F-Droid. Ili ndi `Reflow`, yomwe imadula chithunzi cha tsamba liwu ndi liwu n'kuyala tizidutswato m'mizere yokwana sikirini, osayesa n'komwe kuwerenga mawuwo, choncho ŵ ndi timikwingwirima zimatsala momwe zinasindikizidwira. Imachedwerapo potembenuza tsamba pa foni ya memori yochepa, ndipo ikafika pa tebulo kapena pa fomula muyenera kuizimitsa kaye kuti muone tsambalo momwe lilili.